Buledi wa nthochi: makapu angati, nthochi zingati? Mafunso ndi mayankho

Anthu ambiri amene akuyamba kuphika buledi wa nthochi amakakamira pa funso limodzi: nditenge nthochi zingati? Funsoli ndi lomveka, chifukwa pamsika timagula nthochi powerenga kapena pa phava, osati pa kapu. Koma buledi sawerenga nthochi. Chimene chimasintha kaphikidwe kake ndi kuchuluka kwa nthochi zokanya zimene zalowa mu ufa. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene ndimafunsidwa kawirikawiri kuno ku Zomba, ndipo ndawayankha poganizira nthochi zimene timazipeza kwathu kuno, makapu amene tili nawo m'nyumba, ndi moto umene timaphikira.

Kodi buledi mmodzi amafuna makapu angati a nthochi zokanya?

Pa makapu awiri a ufa wa tirigu, ikani kapu imodzi ndi theka ya nthochi zokanya. Uwu ndi muyezo wa buledi mmodzi wa m'chitini chachitali chija, cha masentimita 23 m'litali ndi 13 m'lifupi. Mukhoza kutsika mpaka kapu imodzi, buledi n'kutulukabe bwino, kungoti amakhala wopepuka ndipo fungo la nthochi limachepa. Kupitirira kapu imodzi ndi theka ndiye poyambira mavuto, makamaka ngati simunasinthe china chilichonse.

Kuti muyezowu ukhale ndi tanthauzo, muyenera kudziwa zinzake zimene ukuyenda nazo. Pa ufa makapu awiri ndi nthochi kapu imodzi ndi theka pamalowa mazira awiri, theka la kapu ya mafuta ophikira kapena majarini wosungunula, shuga theka la kapu kufikira magawo atatu mwa anayi a kapu, supuni ya tiyi imodzi ya soda, ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mkaka mulibe. Madzi onse amene ufa ukufuna akuchokera mu nthochi ndi m'mazira. Ngati malangizo amene mukutsatira ali ndi mkaka kapena chambiko, mudzaona kuti nthawi zambiri nthochi zake zimakhala kapu imodzi yokha, chifukwa mkakawo watenga malo a nthochi zina.

Nanga kapu imodzi ndi theka ndi nthochi zingati?

Zimatengera nthochi zake. Kapu imodzi ya nthochi zokanya imalemera pafupifupi magalamu 225, choncho kapu imodzi ndi theka ndi magalamu pafupifupi 340. Nthochi zazitali zija za mtundu wa Williams kapena kabuthu wonenepa bwino, imodzi ikasendedwa imalemera magalamu 100 mpaka 120, imene ndi pafupifupi theka la kapu. Za mtundu umenewu mufunika zitatu, ndipo zikakhala zowonda, zinayi.

Tinthochi tating'ono tokoma kwambiri tija, tonga sukari, ndi nkhani ina. Kamodzi kakasendedwa kamakhala ndi mnofu wongokwana theka la nthochi yaikulu, mwinanso osafika. Kapu imodzi ndi theka imadya tisanu ndi kamodzi, tisanu ndi tiwiri, ngakhale tisanu ndi titatu ngati phava lake ndi la kumapeto kwa mkoko, kumene nthochi zimakhala zazing'ono kwambiri. Apa ndi pamene anthu ambiri amaluzira buledi wawo. Amawerenga kuti “nthochi zitatu”, n'kutenga tinthochi titatu, ndipo buledi amatuluka wouma, wofumbutuka, wosamveka nthochi n'komwe. Tinthochi titatuto sitinakwane ngakhale kapu imodzi.

Ndiye mukapita kumsika waukulu wa Zomba kapena pa Chinamwali kukagula za buledi mmodzi, gulani zazikulu zinayi kapena zazing'ono zisanu ndi zitatu. Imodzi ikatsala palibe chimene mwataya, koma ikaperewera mutathira kale soda mu ufa mumasowa pogwira.

Malangizo ena amati nthochi zitatu ndi kapu imodzi, ena amati ndi kapu imodzi ndi theka. Akunena zoona ndani?

Onse, malinga ndi nthochi zimene anali nazo. Malangizo ambiri a m'mabuku ndi a pa intaneti analembedwa ku America ndi ku Ulaya, kumene nthochi za m'sitolo pafupifupi zonse ndi za mtundu umodzi wa Cavendish ndipo zimasankhidwa kukula kwake zisanatumizidwe. Ngakhale kumeneko nthochi imodzi imatulutsa kuyambira gawo limodzi mwa atatu a kapu kufikira theka la kapu. Zitatu zocheperapo zimapereka kapu imodzi, zitatu zonenepa zimapereka kapu imodzi ndi theka. Kwathu kuno kusiyanako n'kwakukulu kuposa pamenepo, chifukwa pa benchi imodzi mumapeza mitundu itatu kapena inayi, zina za m'minda ya m'mphepete mwa phiri, zina zobwera pa galimoto kuchokera kutali. Chilowereni matenda a chisaka cha nthochi, amene anawononga minda yambiri ku Thyolo, Mulanje ndi Nkhata Bay, nthochi zambiri za m'misika yathu zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique, ndipo kukula kwake kumasintha sabata ndi sabata.

Malangizo akatchula zonse ziwiri, nambala ya nthochi ndi makapu, tsatirani makapu. Akatchula nambala yokha, yang'anani ufa: ngati ndi makapu awiri, werengerani theka la kapu pa nthochi iliyonse imene atchula, koma musapitirire kapu imodzi ndi theka.

Kapu yake ndi iti? Kunyumba kwanga kuli makapu osiyanasiyana.

Kapu ya m'malangizo ndi ya mamililita 240, ndipo makapu oyezera ambiri amene amagulitsidwa m'masitolo muno ndi a 250. Kusiyana kumeneku n'kochepa, musade nako nkhawa. Chodetsa nkhawa ndi makapu omwera tiyi. Kapu ya pulasitiki yaikulu ija ikhoza kulowa mamililita 350 kapena 400, pamene kakapu kadongo ka alendo sikafika ngakhale 200.

Njira yodziwira ndi yapafupi. Tengani botolo la madzi akumwa la mamililita 500, lodzaza monga limabwerera. Ngati madziwo adzaza kapu yanu kawiri ndendende, kapuyo ndi ya 250, isungeni kuti ikhale yoyezera. Ngati kapu yachiwiri yangofika pakati, kapu yanu ndi yaikulu. Mukhozabe kuigwiritsa ntchito: thirani theka la madzi a m'botolomo, lembani chizindikiro pamene afika, ndipo muziyezera pamenepo.

Ena amati bola kuyezera ufa ndi nthochi pa kapu imodzimodzi, zonse zikhala bwino. Zili ndi choonadi chake, koma mazira sakula nawo kapu, soda ndi chitini chimodzimodzi. Mukayeza ndi kapu ya 400, mumapeza phala lochuluka kwambiri pa mazira awiri okha ndi soda wochepa, chitini n'kusefukira, pakati n'kukana kupsa.

Ndiyeze bwanji kuti muyezo ukhale woona?

Sendani, dulani mabala akuda amene akununkha ngati mowa, kanyani ndi foloko m'mbale yafulati mpaka zitakhala zofewa koma timibulu tating'ono tikuonekabe, kenako muzithire m'kapu. Gogodani kapuyo pa tebulo kawiri katatu kuti mpweya utuluke, ndipo pamwamba musalaze ndi mpeni. Musayeze nthochi zodula mapisi: pakati pa mapisi pamatsala mipata, ndipo kapu ya mapisi imangolemera magalamu pafupifupi 150 m'malo mwa 225.

Makina opera zipatso sindiwalimbikitsa. Amasandutsa nthochi kukhala zamadzimadzi, phala limalendewera, ndipo buledi amakonda kukhala wonyata. Foloko ndi yokwanira. Nthochi imene ikuvuta kukanya ndi foloko ndiye kuti sinapse mokwanira.

Ndili ndi sikelo. Ndiyeze ndi makoko omwe kapena zosenda?

Za m'phala yezani zosenda: magalamu 340. Koma sikelo imathandizanso pogula. Makoko amatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwa nthochi, nthawi zina kupitirira pang'ono. Choncho theka la kilogalamu ndi kakuwonjezera, tinene magalamu 550 a nthochi zosasenda, ndi lokwana buledi mmodzi, kaya ndi zazikulu kaya ndi zazing'ono. Kilogalamu imodzi imapereka makapu atatu osadzaza bwino, ndiye kuti mabuledi awiri ongokwanira. Nthochi zikamapsa kwambiri khoko limapyapyala, ndiye zakupsa bwino zimapereka mnofu wochulukirapo pa kulemera komweko.

Kwa amene akuphika zogulitsa, ndimalimbikira kuti agule sikelo yaing'ono ya kukhitchini. Makasitomala amazindikira msanga buledi wa lero akasiyana ndi wa dzulo, ndipo kusiyanako nthawi zambiri kumachokera pa nthochi.

Ndapemphedwa kuphika mabuledi anayi a ku msonkhano wa amayi Loweruka. Ndigule nthochi zingati, ndipo liti?

Tiyeni tiwerengere limodzi. Mabuledi anayi, aliyense kapu imodzi ndi theka, ndi makapu 6 a nthochi zokanya, pa sikelo magalamu pafupifupi 1,350. Ndi makoko omwe ndi makilogalamu awiri ndi kakuwonjezera. Ufa ndi makapu 8, amene ndi pafupifupi kilogalamu imodzi, mazira 8, mafuta makapu awiri, soda masupuni a tiyi anayi.

Tinene kuti mwapeza nthochi zazikulu pa Thondwe kapena pa Songani. Zitatu pa buledi aliyense ndi 12. Gulani 14 kapena 15, chifukwa pa phava sipalephera imodzi yophwanyika kapena yowonda. Mukapeza zazing'ono zokhazokha, werengerani zisanu ndi ziwiri pa buledi, zonse pamodzi 28, ndipo mugule 30 kapena kupitirira pang'ono, amene ndi mapava awiri abwino.

Tsiku lophika musasende zonse nthawi imodzi. Sendani zinayi kaye, kanyani, muyeze. Tinene kuti zinayizo zakupatsani kapu imodzi ndi theka, m'malo mwa makapu awiri amene mumayembekeza. Ndiye kuti nthochi zanu ndi zowonda, ndipo buledi aliyense adya zinayi, osati zitatu. Mabuledi anayi afuna 16, inu muli ndi 15. Mwazidziwa izi ufa usananyowe, ndipo muli ndi mpata wosankha. Nthochi 15 zikupatsani makapu asanu ndi theka ndi kakuwonjezera, ndiye kuti chikuperewera ndi chosafika theka la kapu pa mabuledi onse anayi. Kumeneko si kuperewera koti mubwerere kumsika. Thirani masupuni aakulu anayi kapena asanu a chambiko m'phala lonselo, basi. Kukanakhala kuti zaperewera kapu yathunthu kapena kuposa, ndikanati phikani mabuledi atatu okoma m'malo mwa anayi osamveka nthochi.

Za tsiku logula, zimatengera nyengo. Mu Okutobala ndi Novembala, kukatentha, nthochi zachikasu zogula Lachitatu zimakhala zitachita mawanga pofika Lachisanu madzulo. Mu Juni ndi Julayi, kuzizira kwa kuno kumunsi kwa phiri kumachedwetsa kupsa, ndipo mungafunike kugula kumayambiriro kwa sabata n'kuzivundika. Chinanso: ogulitsa amakhala ndi nthochi zimene zapsa kwambiri moti ogula akuzikana. Funsani mwaulemu kuti, “Mayi, muli nazo zakupsa kwambiri zija?” Kawirikawiri amazitulutsa pansi pa benchi n'kukupatsani pa mtengo wotsika, ndipo zimenezo ndiye zenizeni za buledi.

Ngati uvuni wanu ukulowa zitini ziwiri zokha, musasakanize phala la mabuledi onse anayi pamodzi. Soda amayamba kugwira ntchito akangonyowa, ndipo phala lodikira ola lathunthu silifufuma bwino. Kanyani nthochi zonse, gawani pawiri, koma ufa ndi soda muzisakaniza pamene chitini chili pafupi kulowa.

Ndimakonda kukoma kwa nthochi. Nditaika makapu awiri kapena kuposa, chingalakwike n'chiyani?

Funso ili ndi limene ndimafuna anthu alimvetse bwino, chifukwa ambiri amaganiza kuti nthochi ndi chokometsera chabe, choti ukachulutsa zinthu zimangokoma. Nthochi yakupsa, magawo atatu mwa anayi ndi madzi. M'kapu imodzi ndi theka ija muli madzi pafupifupi kapu yathunthu. Mukawonjezera theka la kapu ya nthochi, mwathira madzi ena oposa masupuni aakulu asanu, pamodzi ndi shuga ndi kulemera kwa mnofu wake. Ufa makapu awiri ndi mazira awiri ndiwo mafupa a buledi, ndipo ali ndi malire a zimene angathe kunyamula.

Zizindikiro zake sizibisika. Choyamba chimaonekera mu uvuni momwemo: pamwamba pamada msanga chifukwa cha shuga wochuluka, koma mukabaya kamtengo pakati kamatuluka ndi phala. Mukachotsa, buledi amene anafufuma bwino amayamba kulowa pakati akamazizira, n'kusiya chigwa. Mukadula, yang'anani m'munsi mwa chidutswacho: mudzaona mzere wothina, wonyezimira, wooneka ngati wosapsa, wokhuthala ngati chala chaching'ono. Mukaukanikiza umamata ndipo subwerera. Ambiri akaona mzerewu amaimba mlandu uvuni kapena magetsi amene anazima pakati, n'kuwonjezera nthawi ulendo wotsatira, koma kunja kumangopserera mzere uli pomwepo. Vuto ndi madzi amene ufa walephera kuwamwa, atsikira pansi.

Mungathe kuzindikira phala lisanalowe m'chitini. Litungeni ndi mthiko n'kuupendeketsa. Phala labwino limagwa mwaulesi, m'zibuma, ngati phala la mgaiwa lolimba limene layamba kuzizira. Likamayenderera osaduka, nthochi zachuluka kapena ufa wachepa. Thirani ufa masupuni aakulu awiri kapena atatu, takasani pang'ono, muonenso. Musatakase kwambiri, chifukwa ufa wa tirigu ukatakasidwa nthawi yaitali umalimba ndipo buledi amatuluka wotamuka.

Ngati mukufunadi nthochi zambiri, pali njira ziwiri zimene ndimazikhulupirira. Yoyamba ndi kukweza zonse pamodzi: makapu awiri a nthochi apite ndi ufa makapu awiri ndi theka kapena kuposa pang'ono, mazira atatu, ndipo phalalo ligawidwe m'zitini ziwiri zazing'ono. Yachiwiri ndi kuchotsa madzi: ikani makapu awiri a nthochi zokanya m'poto pa moto wochepa, muzitakasa mpaka zitatsika kufika kapu imodzi ndi theka, zizizire, kenako muphikire monga mwa nthawi zonse. Kukoma kumachuluka, madzi osachuluka. Koma kunena zoona, chimene chimabweretsa fungo lamphamvu si kuchuluka kwa nthochi, ndi kupsa kwake. Kapu imodzi ya nthochi zamawanga imaposa makapu awiri a nthochi zongoyamba chikasu.

Dziwaninso kuti buledi wonyowa kwambiri sachedwa kuchita nkhungu. M'nyengo yotentha, wa muyezo wabwino amakhala masiku awiri kapena atatu pa tebulo, wochuluka nthochi amayamba kumata pamwamba mawa lake lomwe.

Nanga zikachepa? Ndakanya zonse ndipo zangokwana kapu imodzi.

Phikani, kapu imodzi ndi yokwanira. Onjezerani masupuni aakulu atatu kapena anayi a chambiko, yogati kapena mkaka kuti phala lisaume. Chambiko ndi chabwino koposa chifukwa kuwawasa kwake kumathandiza soda kufufumitsa. Dzungu lophika kapena mbatata yophika yokanya bwino ikhozanso kudzaza mpatawo, bola isapitirire theka la kapu. Zikakhala zosafika kapu imodzi, chepetsani zonse ndi theka: ufa kapu imodzi, dzira limodzi, soda theka la supuni ya tiyi, nthochi magawo atatu mwa anayi a kapu, n'kuphikira m'chitini chaching'ono.

Kodi nthochi zikachuluka kapena kuchepa, soda naye asinthe?

Soda amatsatira ufa, osati nthochi. Supuni ya tiyi imodzi yosalaza pa makapu awiri a ufa, ndipo musawonjezere poganiza kuti anyamula nthochi zochuluka. Soda wochuluka amadetsa buledi mkati n'kusiya kakomedwe ka sopo pa lilime. Ngati ufa wanu ndi wofufumitsa wokha, uli kale ndi chofufumitsa, choncho soda ikani theka la supuni ya tiyi kapena musiyeni.

Nthochi zakupsa mpaka pati ndiye zoyenera? Zakuda bii zija n'zabwinobwino?

Zabwino kwambiri ndi zimene khoko lake ladzaza mawanga akuda, kapena lada mbali yaikulu, mnofu uli wofewa, wonunkhira bwino. Nthochi yaiwisi imakhala ndi sitachi wambiri, ndipo ikamapsa sitachiyo amasanduka shuga, mpaka kutsala wochepa kwambiri. N'chifukwa chake yakupsa bwino imakanyika mosavuta, imatsekemera, ndipo imalola kuti muchepetse shuga wothira. Ndi nthochi zotere theka la kapu ya shuga ndi lokwanira.

Khoko lakuda palokha si vuto. Sendani muone mkati. Ngati mnofu ndi woyera kapena wachikasu chodera, gwiritsani ntchito. Ngati ukutuluka madzi, ukununkha mowa kapena kuwawasa, kapena pali nkhungu pa khoko long'ambika, tayani. Kumbukiraninso kuti zakupsa mopitirira zimakhala zamadzi kwambiri, ndiye ndi zimenezo musadzaze mpaka kapu imodzi ndi theka, imani pa kapu imodzi ndi kota.

Nthochi zophika, monga makumbuka, zimapsa n'kutsekemera ndithu, koma mnofu wake ndi wolimba ndiponso wouma poyerekeza ndi zodya zosaphika. Zikhoza kugwira ntchito zikapsa mpaka kuda, ndipo poti ndi zonenepa, ziwiri kapena zitatu zimakwana muyezo. Yembekezani buledi wolemererapo, ndipo muthire chambiko pang'ono.

Zanga zikadali zolimba ndipo ndikufuna kuphika msanga. Ndichite chiyani?

Zivundikeni. Ziikeni m'pepala lokhuthala kapena m'katoni pamodzi ndi nthochi imodzi yakupsa kale, peyala lakupsa kapena tomato, mutseke, muike pamalo ofunda. Zipatso zakupsa zimatulutsa mpweya umene umafulumizitsa zinzake kupsa, ndipo pa masiku awiri kusintha kumaoneka. Jumbo ya pulasitiki yomanga ndi yosayenera, chifukwa imasunga chinyezi n'kuziwoletsa. Musaziike m'firiji zisanapse: khoko limada koma mkati kupsa kumaima.

Pali njira ina yoziwotcha ndi makoko omwe mu uvuni, pa madigiri 150, kwa mphindi 15 kapena 20, mpaka makoko atada. Zimafewa n'kukanyika, koma sizitsekemera ngati zopsa zokha. Imathandiza pa nthochi zachikasu kale, osati zobiriwira.

Ndakanya zambiri, zatsala. Ndingazisunge?

Inde. Yezani kapu imodzi ndi theka, thirani m'kajumbo koyera kapena m'kontena, tulutsani mpweya, lembani muyezo wake, n'kuika m'chipinda choundanitsa cha firiji. Zimakhala miyezi iwiri kapena itatu. Zikasungunuka zimaoneka zoderako ndipo zimatuluka madzi. Madziwo musataye, ndi gawo la muyezo umene munayeza, ndipo muli shuga ndi fungo. Ingotakasani zibwerere pamodzi. Ngati magetsi anazima nthawi yaitali mpaka zinasungunukiratu n'kufunda, zinunkhizeni kaye, ndipo zikamawawasa zitayeni. M'firiji wamba, zokanya zisagone kupitirira tsiku limodzi.

Muyezo womwewu ungagwire pa chigumu kapena zitumbuwa?

Ayi, musausamutse. Mgaiwa umamwa madzi mosiyana ndi ufa wa tirigu ndipo sutamuka, choncho chigumu, zitumbuwa ndi mkate wa m'masamba zimayendera kulimba kwa phala m'manja mwa wophika. Ngati mukufuna kakomedwe ka chimanga mu buledi wa nthochi, chotsani theka la kapu ya ufa wa tirigu n'kuikapo theka la kapu ya mgaiwa wosefa, nthochi zikhale chimodzimodzi.

Ndilibe uvuni, ndimaphikira pa mbaula. Ndisinthe kuchuluka kwa nthochi?

Chepetsani pang'ono, kapu imodzi ndi kota ndi yabwino. Mu uvuni wa magetsi buledi ameneyu amapsa pa madigiri 175 mpaka 180 kwa mphindi 55 kapena ola limodzi ndi mphindi zochepa, ndipo chinyezi china chimauluka. M'poto wovindikira nthunzi imatsekeredwa, ndiye phala lonyowa limachedwa kuuma pakati pamene pansi payamba kale kupserera.

Sankhani poto wotakata, wa pansi pokhuthala, kuti phala lisazame kupitirira masentimita anayi kapena asanu. Pakani mafuta, wazani ufa pang'ono. Makala ambiri apite pa chivindikiro, pansi patsale ochepa okutidwa ndi phulusa. Ena amaika chitini m'kati mwa poto wamkulu wothira mchenga pansi, ndipo njira imeneyi imateteza bwino kupserera. Musavundukule mphindi 25 zoyambirira. Kenako bayani kamtengo koyera pakati penipeni, osati m'mbali, mpaka pansi. Kakatuluka ndi tinyenyeswa touma, wapsa. Kakatuluka ndi kanthu konyowa, bayaninso pena pafupi, chifukwa mwina mwalasa kambulu ka nthochi. Mukabaya malo awiri onse n'kutuluka phala, bwezerani chivindikiro, onjezerani makala pamwamba pokha, mudikire mphindi 10.

Mukaphula, musiyeni m'potomo mphindi 10 kapena 15, kenako mumutulutse kuti nthunzi isanyowetse pansi. Musadule akadali wotentha: mkati mumakhala musanakhazikike, mpeni umamata, ndipo mukhoza kuganiza kuti nthochi zinachuluka pamene muyezo unali wolondola. Dikirani ola limodzi, mudule pakati, muyang'ane m'munsi mwa chidutswa. Ngati palibe mzere wonyowa uja, lembani penapake kuchuluka kwa nthochi zimene munasenda, mtundu wake ndi makapu amene zinatulutsa, kuti ulendo wina mukakumana ndi mtundu womwewo pamsika mudzadziwiretu zogula.